Chithunzi cha foni sichikwanira: pezani nambala ya modelo musanagule sikirini

Tsiku silitha ndisanalandire uthenga wotere: chithunzi cha foni yosweka galasi, chojambulidwa patebulo kapena pamiyendo, pansi pake mawu akuti, "Achimwene, sikirini ya foni iyi mukupanga zingati?" Ndikayankha kuti nditumizireni nambala ya modelo, ena amaona ngati ndikuwazemba kapena ndikufuna kukweza mtengo. Ena amatumizanso chithunzi china chooneka bwino kuposa choyamba, poganiza kuti vuto linali kuwala. Ndafotokoza nkhani imeneyi kambirimbiri pabenchi yanga yokonzera mafoni, ndiye ndati ndiilembe kamodzi kuti aliyense aziwerenga yekha.

Ndiyambe ndi foni imene inandiphunzitsa ineyo, Samsung Galaxy A12. Foni imeneyi inatuluka kumapeto kwa 2020, ndipo nambala yake ya modelo ndi SM-A125F. Mu 2021 kampaniyo inatulutsanso ina yokhala ndi dzina lomwelo, Galaxy A12, koma nambala yake ndi SM-A127F, ndipo m'mayiko ena amaitcha A12 Nacho. Muziike pamodzi patebulo, simungaloze kuti iyi ndi iti. Kutalika n'kumodzi, mamilimita 164. Sikirini ndi ya mainchesi 6.5 zonse ziwiri, makamera anayi kumbuyo ali m'kabokosi kofanana, batire ndi la 5000 mAh. Koma mkati ndi mafoni awiri osiyana. Yoyamba ili ndi pulosesa ya MediaTek Helio P35, yachiwiri ili ndi Exynos 850. Pulosesa ndiye ubongo wa foni, ndipo ikasintha, bodi yonse imene yakhalapo, kathabwa ka mkati komwe zipangizo za foni zimalumikizidwa, imasinthanso, pamodzi ndi pulogalamu yoyendetsa foniyo.

Mayi wina wa ku Ntcheu ananditumizira chithunzi cha A12 yake itagwa pasimenti. Ndinayang'ana kumbuyo kwake, ndinati iyi ndikuidziwa, ndinakagula sikirini ya A125F. Iwo anakwera minibasi m'mawa, analipira thiransipoti, anakhala pabenchi akudikira. Nditalumikiza sikirini ija inayaka bwinobwino, zithunzi za adzukulu awo zikuoneka, koma ukaikhudza sinkamva chala ngakhale pang'ono. Nditalumikiza mausi ya kompyuta ku foniyo n'kulowa pa `Settings` ndinapeza kuti ndi A127F. Pepala la pulasitiki lapamwamba ndinali nditachotsa kale, wogulitsa anakana kuilandiranso, ndipo mayiwo anabwerera kwawo ndi foni yosagwira ntchito mpaka sabata yotsatira. Kulakwa kunali kwanga, chifukwa ndinakhulupirira maso.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Kamera imajambula chovala cha foni, pomwe zimene tikufuna kugula zimalumikizidwa ku bodi yomwe ili mkati. Makampani amagwiritsa ntchito chikombole chimodzi popanga makava a mafoni angapo chifukwa zimawatsikira mtengo. Komanso kava ya kumbuyo imasinthidwa. Mafoni ambiri ogwiritsidwapo kale amene timagula pamsika kapena kutumiziridwa ndi abale a ku Joni anadutsapo m'manja mwa okonza, ndipo wokonza akapeza kava yokwana amangovekapo osayang'ana kuti inachokera pa foni iti. Ndiye tsatirani ndondomeko iyi.

1. Siyanitsani dzina ndi nambala ya modelo.

Dzina ndi limene limalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu pakatoni: Galaxy A12, Spark 7, iPhone SE. Limeneli ndi la malonda, ndipo limatha kuvala mafoni angapo. Nambala ya modelo ndi imene fakitale imagwiritsa ntchito. Pa Samsung imayamba ndi SM, pa iPhone imayamba ndi A kenako manambala anayi, pa Tecno ndi zilembo ziwiri ndi nambala, monga KF6 ya Spark 7, ndipo nthawi zambiri pamapeto pamakhala kachilembo kakang'ono, monga KF6j kapena KF6k. Kachilemboko musakasiye pokopera. Anthu ambiri amalemba zoyambirira zokha n'kusiya mchira, pomwe nthawi zina kusiyana konse kuli kumchirako.

Pa Samsung chilembo chomaliza chimanena dera limene foniyo anaipangira. F ndi ya mayiko ambiri kuphatikizapo a ku Africa kuno ndi ku Ulaya, U ndi ya ku America, M ndi ya mayiko a ku Latin America. Mukaona /DS kumapeto, ndiye kuti imalowa masimu awiri. Choncho A12 imene m'bale wanu wakutumizirani kuchokera ku America ikhoza kukhala SM-A125U, ndipo pulogalamu ya A125F siyake.

2. Ngati foni ikuyaka ndipo tachi ikugwira, ifunseni yokha.

Lowani pa `Settings`, tsikani mpaka pansi, dinani `About phone`. Pamenepo muona `Model name` kapena `Model number`, malinga ndi mtundu wa foni. Musakopere mzere wapamwamba pomwe pali dzina la foni, chifukwa dzinalo mwini foni amatha kulisintha n'kulemba lake.

Pa Samsung pali njira yachiwiri imene ine ndimaikonda kwambiri. Tsegulani poimbira foni, lembani:

```
*#1234#
```

Patuluka mizere itatu, AP, CP ndi CSC. Yang'anani poyambira mzere wa AP. Ukayamba ndi A125F kapena A127F, mwadziwa pulogalamu imene ikuyenda pa bodi yanu.

Pa iPhone lowani `Settings`, `General`, `About`. Pa `Model Number` poyamba pamaoneka nambala yaitali yokhala ndi kamzere kopendekeka mkati. Imeneyo ndi nambala ya malonda. Idineni kamodzi, isintha n'kukhala ya A ndi manambala anayi. Anthu ambiri sadziwa zodina kumeneku, ndiye amanditumizira yoyambayo. Apa m'pofunika kwambiri pa iPhone SE, chifukwa ya 2020 ndi ya 2022 n'zofanana ngati mapasa, koma yoyamba ili ndi pulosesa ya A13 ndipo ilibe 5G, yachiwiri ili ndi A15 ndi 5G. A2296 ndi ya 2020, A2783 ndi ya 2022. Munthu akamakugulitsani SE pongokuonetsani chithunzi, akhoza kukupatsani yakale pamtengo wa yatsopano inu osazindikira.

3. Tengani mboni yachiwiri, IMEI.

Poimbira pomwepo lembani:

```
*#06#
```

Patuluka nambala ya manambala 15, kapena ziwiri ngati foni imalowa masimu awiri. Imeneyi ndi IMEI, nambala imene netiweki imadziwira foni yanu. Manambala 8 oyambirira amatchedwa TAC, amaperekedwa ndi bungwe la GSMA, ndipo amanena kampani ndi modelo. Otsatira 6 ndi a foni yanuyanuyo, ndipo womaliza ndi wotsimikizira kuti ena onsewo alembedwa molondola. Pa intaneti pali masamba aulere amene mukalembapo IMEI amakuuzani modelo yake.

Mboni yachiwiriyi ndi yofunika chifukwa mafoni achinyengo amatha kulemba pa `About phone` chilichonse chimene wopanga wafuna. Mukapeza kuti `About phone` ikunena china, IMEI ikunena china, imani kaye, musagule chilichonse. Zikagwirizana, mwayandikira, ngakhale kuti achinyengo ena amakoperanso IMEI ya foni yeniyeni.

Chenjezo limodzi: IMEI yonse musaitumize kugulu la anthu ambiri kapena kuiika poyera. Kwa wokonza amene mumamukhulupirira palibe vuto, koma kwa ena manambala 8 oyambirira akukwanira.

4. Sikirini ikafa: apa ndiye pali ntchito.

Malangizo ambiri amathera pa `About phone`, ngati kuti munthu wofuna sikirini yatsopano ali ndi sikirini yogwira ntchito. Koma amene amandilembera ambiri foni yawo ili bii, kapena ili ndi mizere yokhayokha, kapena ikuoneka koma sikumva chala. Tiyeni tione chimodzichimodzi.

Ngati sikirini ikuoneka koma tachi yafa, pezani kalumikizo ka OTG, kamene mbali imodzi kamalowa pochajira foni, mbali inayo kamalandira mausi ya kompyuta. Mukalumikiza, kamuvi kamaoneka pasikirini ndipo mumatha kulemba nambala yanu yachinsinsi n'kulowa pa `Settings` ngati kale. Ndi mmene ndinadziwira foni ya mayi a ku Ntcheu aja, ndipo ndikanatha kuchita zimenezi ndisanawononge ndalama. A12 imafuna OTG ya USB-C, pomwe mafoni ambiri akale a Tecno ndi itel amafuna ya kamutu kakang'ono ka micro-USB. Pa mafoni ena a Tecno OTG imayenera kutsegulidwa kaye m'kati mwa `Settings`, ndiye mausi ikapanda kugwira musafulumire kunena kuti foni yafa.

Ngati sikirini ili bii koma foni ikulira kapena kunjenjemera, yambani ndi katoni imene foni inabweramo. Pambali pake pamakhala sitika yoyera yokhala ndi modelo ndi IMEI. Koma funsani mtima wanu: katoniyi munaitsegula nokha ili yomata, kapena wogulitsa anangokuikirani foni m'katoni imene inali pafupi? Ngati ndi yachiwiriyi, katoniyo ndi mboni yofooka. Risiti nayonso nthawi zambiri imangolembedwa dzina, "Samsung A12", basi.

Kenako vulani kava yotetezera, pukutani kumbuyo kwa foni, mupendeke padzuwa kapena muunike ndi tochi chammbali. Pa ma Samsung ambiri cha kumunsi pamakhala timalemba tosaoneka bwino, tomwe tili ndi modelo ndipo nthawi zina IMEI. Timalembati pachithunzi sitioneka, n'chifukwa chake ndimati muwerenge ndi maso anu n'kulemba ndi zala. Kumbukirani zimene ndanena kale, kuti kava imasinthidwa. Mukaona kuti m'mbali mwake muli zipsera za kutsegulidwa, kapena mtundu wake sukugwirizana ndi wa kathireyi ka simu, musadalire timalembato patokha.

Pa iPhone 7 ndi zakale kuposa pamenepo, nambala ya A ili kumbuyo. Kuyambira pa iPhone 8 anaichotsapo n'kuiika m'kabowo kolowetsa kathireyi ka simu. Tulutsani kathireyiko, unikani m'kabowomo mbali ya kusikirini, muiona. Imafuna maso akuthwa kapena galasi lokulitsa.

Njira imene anthu ambiri saidziwa, koma ndi yodalirika kuposa katoni ndi kava, ndi ya akaunti ya Google. Foni iliyonse ya Android imene munalowetsamo Gmail yanu inadzilembetsa yokha ku akauntiyo, ndipo zimene inalembetsa zinachokera pa bodi. Tengani kompyuta kapena foni ina, lowani ndi Gmail yomweyo, tsegulani Google Play pa intaneti, pitani pa mndandanda wa zipangizo zanu. Muona kampani, modelo ndi tsiku limene foniyo inagwiritsidwa ntchito komaliza. Samalani ngati munakhalapo ndi mafoni angapo pa akaunti imodzi, yang'anani tsikulo kuti musatenge ya kale. Vuto limene ndimakumana nalo ndi lakuti ambiri Gmail anawatsegulira ndi mnyamata wa pashopu tsiku logula foni, ndipo mawu achinsinsi sanawasunge. Ngati ndinu mmodzi wa iwo ndipo foni yanu ikadali yamoyo lero, konzani zimenezi isanagwe. Ndipo mukalowa pa foni ya munthu wina, tulukanimo mukamaliza.

Kulumikiza foni ku kompyuta ndi chingwe sikuthandiza kwenikweni. Kompyuta nthawi zambiri imangoonetsa dzina, Galaxy A12, lomwe tikulidziwa kale. Kwa anzanga okonza, pali lamulo ili:

```
adb shell getprop ro.product.model
```

Limatulutsa nambala yeniyeni, koma limagwira pokhapokha ngati `USB debugging` inatsegulidwa kale ndipo kompyutayo inavomerezedwa foni isanasweke. Pa mafoni a makasitomala zimenezi sizipezekapezeka.

Zonsezi zikakanika, foni iyenera kufika pabenchi n'kutsegulidwa. Palibe njira yachidule. Wokonza akachotsa kava amayang'ana zolembedwa pa bodi yaikulu, pa kabodi kochajira kamene kali kumunsi, ndi pa fulekisi, kalamba kopyapyala kolumikiza sikirini ku bodi. Pa Samsung kawirikawiri nambala ya modelo imadindidwa pa zinthu zimenezi. Apa pali msampha umene umagwira ngakhale okonza: kuwerenga nambala ya pabatire n'kuganiza kuti ndi modelo ya foni. Batire la A12 limalembedwa EB-BA217ABY, ndipo 217 imeneyo inachokera ku Galaxy A21s, imene imagwiritsanso ntchito batire lomwelo. Batire limodzi limalowa m'mafoni angapo, choncho nambala yake imangokuuzani batire loti mugule, osati foni imene muli nayo. Chimodzimodzinso fulekisi ya sikirini: ngati sikiriniyo inasinthidwapo kale, zolembedwapo ndi za amene anaipanga, ndipo amatha kulembapo mamodelo awiri kapena atatu.

5. Mboni zikatsutsana, khulupirirani bodi.

Tinene kuti kava ikunena SM-A125F, katoni ikunenanso chimodzimodzi, koma `*#1234#` ikuonetsa A127F. Musawerenge mavoti kuti awiri apambana mmodzi. Kava ndi katoni ndi zakunja, zimatha kuchokera kwina. Zimene zikuchokera pa bodi, ndiko kuti `About phone`, mzere wa AP, IMEI ya pa `*#06#` ndi zimene zili ku akaunti ya Google, ndizo zolemera. Foni yotero mwina bodi yake inasinthidwa kapena inavekedwa kava ya ina, ndipo sikirini muyenera kugula ya bodiyo.

Apa ndichenjezenso za kufulasha, kutanthauza kulowetsanso pulogalamu yoyendetsa foni kudzera pa kompyuta. Sikirini yolakwika imangokutayitsani ndalama, koma kufulasha molakwika kungaphe foni. Pulogalamu ya A125F inalembedwera pulosesa ya MediaTek, ya A127F inalembedwera Exynos. Chida cha Odin, chimene amafulashira ma Samsung, nthawi zambiri chimakana fayilo yosagwirizana, koma pali zida zina zimene zimakakamiza, ndipo foni imatha kutsala yosayaka. Munthu akafuna kukufulashirani foni asanaone nambala ya modelo, itengeni muzipita.

6. Pogula, tchulani nambala yonse, ndipo yesani musanamate.

Kwa wogulitsa musanene kuti "sikirini ya A12". Nenani kuti ya A127F, ndipo alembe zimenezo parisiti. Ena adzakuuzani kuti zonse n'zimodzi, imalowa konsekonse. Zilipodi zina zopangidwa kuti zigwire pa mamodelo onse awiri, koma sikuti zonse zili choncho, ndipo simungazidziwe poziyang'ana. Mpaka zitayesedwa, mawu amenewo ndi lonjezo chabe.

Kuyesa kwake n'kotere. Wokonza amachotsa kaye batire pa bodi, amalumikiza sikirini yatsopano ili panja, yosapakidwa guluu, pepala lake lapamwamba ndi chidindo cha wogulitsa zili momwemo. Kenako amabwezera batire n'kuyatsa foni. Kuyaka kokha sikokwanira, monga ndinaonera tsiku lija. Pa Samsung lembani:

```
*#0*#
```

Patuluka timabokosi toyesera. Dinani `Touch`, yendetsani chala m'mbali monse ndi pakati mpaka timabokosi tonse tisinthe mtundu. Dinaninso `Red`, `Green` ndi `Blue` kuti muone ngati pali madontho kapena mizere. Kenako zimitsani sikirini ndi batani la m'mbali n'kuyatsanso, kangapo, chifukwa sikirini zina zosagwirizana zimagwira poyamba koma tachi imafa foni ikagona n'kudzuka. Zonse zikayenda bwino, m'pamene guluu amapakidwa. Pemphani kuti izi zichitike inu mukuona, ndi ufulu wanu.

7. Zimene muyenera kutumiza mukamafunsa mtengo.

Sindikunena kuti chithunzi n'chachabe. Chimandiuza kuti iyi si Tecno, ndi Samsung, ndipo chimandionetsa kukula kwa vuto, monga ngati chimango chapindika kapena galasi la kamera laswekanso. Chimachepetsa mafoni oti ndiwaganizire kuchoka pa mazana kufika pa atatu kapena anayi, koma kusankha pakati pa otsalawo sichingathe.

Ndiye mukamalemba, tumizani zinthu zinayi. Choyamba, nambala ya modelo yolembedwa ndi zala, yonse mpaka chilembo chomaliza, ndipo muiwerengenso kawiri chifukwa 5 ndi 7 pa timalemba tating'ono amasokoneza. Chachiwiri, nenani komwe mwaitenga, kaya pa `About phone`, pakatoni kapena pakava, kuti ndidziwe kulemera kwa mboniyo. Chachitatu, nenani ngati foniyo munaigula yatsopano kapena yogwiritsidwapo kale, komanso ngati inakonzedwapo. Chachinayi, chithunzi cha malo owonongekawo, foni itavulidwa kava yotetezera. Ngati foni ikuyaka, chithunzi cha tsamba la `About phone` ndichonso chabwino, bola muphimbe IMEI ndi chala kapena kapepala ngati mukutumiza kwa munthu amene simukumudziwa.

Ngati mukuchokera kutali ndipo nambala yakanika kupezeka mwa njira zonsezi, ndiuzeni musanakwere minibasi. Tikatero timapangana tsiku loti mufike m'mawa mashopu a zipangizo ali otsegula, nditsegule foni inu muli pomwepo, ndiwerenge pa bodi, kenako ndikagule sikiriniyo n'kuiyesa tsiku lomwelo.